Mmene Mungapezere Malo Ophunzirirapo Kuwotcherera Amene Angakufikitseni pa Malipiro

Alipo anyamata amene atha zaka ziwiri pamalo owotcherera zitsulo, koma mukawapatsa ndodo yowotcherera kuti alumikize zitsulo ziwiri zoimirira, dzanja limanjenjemera ndipo chitsulo chosungunuka chimangochucha ngati phula. Si ulesi ayi. Zaka ziwiri zonsezo anazithera kusesa, kunyamula, kupala ndi kupaka penti, makina akugwiridwa ndi ena. Mwini malo sanawanamize kwenikweni, popeza ntchito ankaiona tsiku ndi tsiku, koma kuona ndi maso sikuphunzitsa dzanja.

Ndiye pofuna malo ophunzirirapo ntchito, kupeza wokulandirani ndi mbali yochepa chabe ya vutolo, chifukwa manja aulere amafunidwa paliponse. Chovuta n'kuzindikira, musanataye chaka, ngati malowo adzakusandutseni munthu amene wina angamulipire. Ndigwiritsa ntchito chitsanzo cha kuwotcherera popeza ndi luso limene zolakwika zake zimaonekera poyera, koma njira yake ndi yomweyo kwa wofuna ukalipentala, zamagetsi kapena umakaniko.

Yambirani kwa amene amalipira

Ambiri amayamba ndi funso lakuti ndani angandiphunzitse. Inu yambani ndi lakuti ndani amalipira owotcherera kumene ndikukhala, ndipo amawalipirira chiyani. Patulani sabata imodzi yongofufuza zimenezi. Werengani zidziwitso za ntchito, ngakhale zimene simungakwanitse kufunsira, ndipo lembani mawu amene akubwerezedwabwerezedwa. Pitani pamalo pamene akumanga nyumba zazikulu, kufakitale, kumene amakonza magalimoto akuluakulu, mufunse kapitawo funso limodzi: munthu watsopano akabwera kudzafuna ntchito yowotcherera, mumamuyesa chiyani?

Yankho lake lidzakudabwitsani kufupika kwake. Ambiri safunsa nkhani zambiri. Amapatsa munthu zidutswa ziwiri za chitsulo n'kunena kuti wotcherera tione. Wina adzakuuzani kuti amafuna wodziwa msoko woimirira, ndiye kuti mzere wowotcherera wolumikiza zitsulo zoimirira, wina wodziwa mapaipi, wina wodziwa kuwerenga chojambula n'kudula zitsulo payekha popanda womuimirira kumbuyo. Zimenezo ndizo mukapite nazo kokafuna malo. Ngati olemba ntchito a kwanuko akufuna anthu a zitsulo zochindikala za madenga ndi matanki, malo amene amangopanga mafelemu a mawindo ndi zitsulo zopyapyala adzakuphunzitsani gawo laling'ono la zimene zikufunika, ngakhale mwini wake akhale wamtima wabwino chotani.

Njira zimene zilipo

Njira zake ndi zitatu, ndipo iliyonse ili ndi pamene imatsimphina.

Yoyamba ndi kulembedwa ndi kampani ngati wophunzira ntchito, pamgwirizano wolembedwa, mukugwira ntchito kwinaku mukupita m'kalasi. Ku Germany njira imeneyi ndi yokhazikika kwambiri: maphunziro amatenga zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka, wophunzira amalandira ndalama mwezi uliwonse zimene zimakwera chaka ndi chaka, ndipo pamapeto amalemba mayeso ovomerezeka. M'mayiko ambiri malo otere ndi ochepa ndipo amalengezedwa kamodzi pachaka. Funsani ku ofesi ya boma yoona za maphunziro a ntchito zamanja m'dziko lanu kuti amalengeza mwezi uti, ndipo mapepala anu akhale okonzeka nthawiyo isanakwane.

Yachiwiri ndi sukulu ya ntchito zamanja imene imatumiza ophunzira ake kumakampani kwa miyezi ingapo. Musanalipire fizi, funsani amene amapeza malo okagwirako ntchitowo: sukulu kapena wophunzira yekha? Sukulu imene imangopereka kalata n'kunena kuti kadzifunireni yakusiyirani gawo lovutitsitsa. Pemphaninso kuona chipinda chophunziriramo tsiku la ntchito, muwerenge makina amene akuyaka ndi ophunzira amene akudikira.

Yachitatu ndi kukakhala kwa mmisiri amene ali ndi malo ake, pongogwirizana pakamwa. Anthu ochuluka amaphunzira luso mwanjira imeneyi, ndipo amisiri enieni atulukamo. Koma ndi mmenenso mumatayika zaka za anthu, chifukwa palibe wolondola kuti wophunzira wafika pati. Zambiri zimene ndinene pano zikukhudza njira imeneyi, ngakhale zimagwiranso kwa wotumizidwa ndi sukulu.

Kumene mayina a malo abwino amapezeka

Malo abwino kawirikawiri saika chikwangwani chofuna ophunzira. Amene amadziwa mmisiri wotanganidwa ndi ogulitsa zitsulo, ndodo zowotcherera ndi gasi, chifukwa amaona amene amabwera kudzagula sabata iliyonse ndi amene amangotulukira mwezi ukatha. Afunseni mwaulemu kuti ndi amisiri ati amene amagula zitsulo zochindikala kawirikawiri. Funsaninso makontirakita a zomangamanga kuti ntchito zawo za zitsulo amapatsa ndani, ndi aphunzitsi a m'sukulu za ntchito zamanja, amene nthawi zambiri amadziwa kumene ophunzira awo akale anatsegula malo. Dzina likatchulidwa ndi anthu awiri osadziwana, liikeni pamwamba. Lembani malo 8 kapena 10, chifukwa ambiri adzakana, ndipo ena mudzawakana ndinu.

Pitani nokha, osati kutumiza uthenga wa pafoni. Pewani m'mawa kwambiri pamene ntchito ikugawidwa, komanso nthawi imene katundu akukwezedwa pagalimoto. Valani nsapato zotseka ndi buluku lalitali la thonje, popeza nsalu za nayiloni zimasungunukira pakhungu zikagwidwa ndi moto, ndipo mmisiri amayang'ana kumapazi anu musanatsegule pakamwa. Tengani tepi yoyezera ndi pensulo. Mukafunsidwa kuti muyeze chitsulo, muzitha kunena kuti ndi mamilimita 1,250 osayamba mwawerenga timizere ndi chala. Ngati simunafike pamenepo, yesererani kunyumba sabata yonse, muziyeza zitseko, matebulo, chilichonse. Ndi luso limene mungafike nalo osaphunzitsidwa, ndipo limasiyanitsa munthu ndi anzake khumi.

Mawu anu akhale ochepa. Munganene kuti: "Zikomo bambo, ndikufuna kuphunzira ntchito yowotcherera. Kuyeza ndimatha, kudula ndi sowo ndimathanso, koma makina sindinagwirepo. Ndikupempha mundiyese sabata ziwiri, mukaona kuti sindikuthandizani mudzandiuze." Kupempha nthawi yoyeserera kumapeputsa yankho la mwini malo, popeza sakudzimangirira chaka chonse kwa munthu wosamudziwa. Ndipo sabata ziwirizo inunso mukumuyesa, ngakhale simunena.

Chenjezo lachidule: aliyense wofuna ndalama kuti akulowetseni pakampani, amene simungamupeze pa ofesi ya kampaniyo, ndi wakuba. Kampani yofuna ophunzira sigulitsa malo kudzera mwa munthu wa pafoni.

Kuwerenga malo m'sabata ziwiri

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 19 amene walandiridwa kuti ayesedwe pamalo awiri, sabata ziwiri uku, ziwiri uko.

Malo oyamba ndi okongola. Ali m'mbali mwa msewu, zitseko zopakidwa penti zandandalikidwa panja, makasitomala sasowa. Makina owotcherera ndi amodzi, ogwira mwini malo ndi mphwake. Ophunzira alipo asanu. Malo achiwiri ali kuseri, ndi akuda, pansi pali zidutswa za zitsulo, mwini wake ndi wosalankhulalankhula. Makina alipo awiri, wophunzira ndi mmodzi, ndipo ntchito zake n'zosakanikirana: lero ngolo yothyoka, mawa miyendo ya tanki, mkuja denga la shedi.

Choyamba chimene mtsikanayu ayenera kuchita ndi kuwerengera, osati kutengeka ndi maonekedwe. Makina amodzi amene ali ndi eni ake awiri sangapeze mpata wa ophunzira asanu. Ngakhale atamasuka ola limodzi patsiku, aliyense apeza mphindi 12. Kumalo achiwiri, makina amodzi akakhala m'manja mwa mmisiri enawo ali chikhalire, ndipo zidutswa zimene zili pansizo ndizo zophunzirira. Malo aukhondo kwambiri moti simuona chidutswa chotayidwa ndi malo amene palibe amene akuyeserera.

Chachiwiri ndi kucheza ndi wophunzira amene wakhalitsa, mwini malo palibe. Amufunse kuti anabwera liti, ndipo anayamba liti kuwotcherera chinthu chopita kwa kasitomala. Akayankha kuti watha chaka ndi theka ndipo amangomata timadontho togwirizira zitsulo mmisiri asanadutsepo, mtsikanayu waona tsogolo lake. Amufunsenso funso lolemera kuposa onse: amene anaphunzira pano kale ali kuti? Pamalo abwino yankho limabwera ndi zala zoloza: wina ali kufakitale yakuti, wina anatsegula pake, wina ndi uyo akuwotcherera apoyo ndipo amalipidwa. Pamalo oipa yankho ndi lakuti ana a masiku ano sapirira, amangothawa. Mwina mmodzi anathawadi. Koma akathawa asanu ndi mmodzi motsatizana, vuto silili mwa anawo. Mtsikanayu akapeza mmodzi wa iwo, aone yekha ntchito imene akugwira lero.

Chachitatu ndi kuona zimene zimachitika munthu akalakwitsa. Mmisiri wophunzitsa amatenga nyundo, amagogoda chikhungwa cha pamwamba pa msoko, n'kukuonetsa kuti apa unathamanga, apa moto unachuluka. Wosaphunzitsa amangokulanda ndodo n'kumaliza yekha. Kukalipa pakokha sikunena kanthu, alipo amisiri aukali amene amaphunzitsa bwino. Chofunika n'chakuti ukali ukatha, ndodo ibwerere m'dzanja lanu.

Chomaliza ndi chitetezo, ndipo apa sindinyengerera. Kuwala kwa moto wowotcherera kumapsereza maso, ndipo ululu wake subwera pomwepo, umadzuka usiku ngati wina wakuthirani mchenga m'maso. Pamafunika chigoba chotchinga nkhope yonse chokhala ndi galasi lakuda la nambala 10 kapena 11 pa ntchito wamba. Magalasi a dzuwa si chitetezo. Utsi wa zitsulo zokutidwa ndi zinki umadwalitsa ngati chimfine chachikulu, choncho pamafunika mpweya woyenda. Mukaona wina akudula kapena kuwotcherera mgolo umene munali mafuta a galimoto osautsuka ndi kuukonza moyenera, kapena chopalira chikuzungulira chopanda chotchingira chake, tengani chikwama chanu tsiku lomwelo. Kwa amene sanakwane zaka 18, malamulo a mayiko ambiri amaletsa kapena kuchepetsa ntchito zoopsa, ndiye makolo afunse kaye ku ofesi ya zantchito.

Mtsikana wathu asankhe malo achiwiri, ngati mayankho a wophunzira wa kumeneko ali omveka. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Gwirizanani musanayambe

Apa ndi pamene ambiri amachita manyazi. Munthu wakulandira, ndiye uyambe kumufunsa za ndalama ndi masiku? Koma zimene simunanene mwezi woyamba zimavuta kwambiri kuzinena mwezi wachikhumi. Mu 2023 bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, linavomereza chikalata cha malangizo nambala 208 chonena za maphunziro a pantchito. Mwa zina chimati pakhale mgwirizano wolembedwa, wophunzira alandire malipiro kapena ndalama ina yoyenera, ndipo maphunzirowo afikitse ku satifiketi yovomerezeka. Chikalatacho si lamulo lomanga mmisiri wa pamalo aang'ono, koma chikukuonetsani kuti zimene mukupemphazo si mwano.

Pepala limodzi likwana. Lembanipo kuti maphunziro ayamba liti ndipo atha liti, chifukwa maphunziro opanda tsiku lothera satha. Lembani maola ndi masiku ogwira ntchito. Lembani zimene mudzaphunzire ndi nthawi yake mongoyerekeza: miyezi itatu yoyamba kuyeza, kudula, kupala ndi msoko wogona, pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi msoko wa pakona ndi wa cham'mbali, chaka chisanathe msoko woimirira. Lembani za ndalama: ngati poyamba mukungolandira ya ulendo ndi chakudya, kapena ngati ndinu amene mukulipira kuti muphunzitsidwe, pakhale mwezi wotchulidwa umene nkhaniyo idzaunikidwenso, ndi chizindikiro chake, monga tsiku limene mudzayambe kumaliza nokha ntchito ya kasitomala. Nenaninso amene agule chigoba, magolovesi ndi nsapato, amene alipire mukavulala, ndi zimene zichitike mukaononga chitsulo pophunzira. Chomalizachi chimadanitsa anthu kwambiri. Wophunzira amene amadulidwa ndalama pa chilichonse chimene walakwitsa amasiya kuyesa zinthu zatsopano.

Ngati mwini malo sakonda zolembalemba, musamuumirize ngati muli kukhoti. Pitani ndi munthu wamkulu wa kwanu, mukambirane pamaso pake, kenako mulembe nokha zimene mwagwirizana, muwerenge mokweza, aliyense asunge pepala lake. Wokana ngakhale kutchula tsiku lothera wakuuzani kale cholinga chake.

Kabuku ka m'thumba

Gulani kabuku kakang'ono. Madzulo aliwonse lembani tsiku, ntchito imene munagwira, kuchindikala kwa chitsulo, ndodo imene munagwiritsa ntchito, mphamvu ya moto pamakina, ndi mphindi zimene ndodo inali m'dzanja lanu. Mzere umodzi ungaoneke chonchi: Lachiwiri, miyendo ya tanki, chitsulo cha mamilimita 5, ndodo ya E6013 ya mamilimita 3.2, maampeya 110, msoko wa pakona, mphindi 40, m'mbali munadyeka. Ku Germany wophunzira amayenera kusunga buku lotere kuti aloledwe kulemba mayeso omaliza. Inu palibe wokukakamizani, koma kabukuka kadzakugwirirani ntchito ziwiri: kukuuzani zoona za malo amene muli, ndi kukhala umboni tsiku lokafuna ntchito. Mmisiri azisainamo kumapeto kwa mwezi, ndipo jambulani ndi foni ntchito zimene mwamaliza, chithunzi china chapafupi choonetsa msoko usanapakidwe penti.

Miyezi iwiri yoyamba mudzasesa, mudzanyamula, mudzapala. Zimenezo musadandaule nazo, popeza kukonza chitsulo chisanawotchereredwe ndi theka la ntchito, ndipo wopala misoko ya ena amaphunzira kuzindikira wabwino ndi woipa. Koma kabuku kakamaonetsa kuti mwezi wachinayi wadutsa ndipo m'sabata ya maola 45 simukwanitsa ngakhale maola awiri pamakina, zinthu zapotoka. Yambani ndi kupempha chinthu chaching'ono chosavuta kuvomera: "Bambo, mungandilole ndizitsalira theka la ola tikaweruka, ndiziyeserera pa zidutswa izi? Ndodo ndizigula ndekha." Mmisiri woona amakondwa ndi pempho lotere, ndipo kawirikawiri amatsalira nanu. Akakana kawiri katatu popanda chifukwa, yambani kufufuza malo ena mudakali pomwepo, ndipo mukachoka tsanzikani bwino. Amisiri a dera limodzi amadziwana, mbiri yanu idzafika kumalo atsopano inu musanafike.

Kudziyesa nokha

Musadikire kuuzidwa kuti mwakhoza. Msoko umalankhula wokha kwa wodziwa kuuwerenga. Mukachotsa chikhungwa n'kuona kangalande m'mbali mwa msoko, ngati chitsulo chadyedwa, ndiye kuti moto unachuluka, kapena munatalikitsa ndodo, kapena munathamanga. Timabowo tonga ta chiswe timabwera ndi dzimbiri, penti, mafuta kapena ndodo yonyowa. Msoko wotukumuka umene wangokhala pamwamba ngati mbozi umasonyeza moto wochepa, ndipo umenewu ndiwo woopsa, chifukwa umaoneka wonenepa koma sunalowe. Ndodo ikamangomatirira pachitsulo, onjezerani moto pang'ono. Poyambira, ndodo ya mamilimita 2.5 imafuna maampeya apakati pa 70 ndi 100, ya 3.2 apakati pa 90 ndi 130, koma werengani zimene zalembedwa pabokosi, ndipo makina aliwonse ali ndi khalidwe lake.

Njira yosanama ndi kuthyola. Imikani chidutswa chimodzi pamwamba pa chinzake kuti zipange chilembo cha T, wotchererani mbali imodzi yokha, chizizire, kenako chimenyeni ndi nyundo kuti chipindikire kumbali ya msokowo mpaka utseguke. Yang'anani m'kati. Ngati m'mphepete mwa chitsulo, pakona penipeni, mukuoneka mowongoka ngati mmene munachidulira, moto sunafike pamenepo. Ngati muli timiyala takuda, chikhungwa chinatsekeredwa m'kati. Chitani zimenezi kamodzi pa sabata ndipo lembani m'kabuku. Pa mafelemu, yezani kuchokera pakona kupita pakona yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikasiyana, felemu lapotoka, ndipo mlandu nthawi zambiri ndi wa kutentha: munawotcherera mbali imodzi yonse musanagwirizire makona onse anayi.

Ndanena zambiri za msoko chifukwa kapitawo uja adzakuyesani pomwepa. Ndipo apa mpamene malo achiwiri a mtsikana uja amabweza phindu. Wokonza ngolo ndi matanki sangatembenuze chilichonse kuti chigone pansi, amakakamizika kuphunzira kuwotcherera choimirira ndi cha pamwamba pa mutu. Wopanga mawindo okhaokha amagoneka felemu patebulo moyo wake wonse.

Pepala lovomerezeka

Luso lopanda pepala limadyetsa, koma limakutsekerani zitseko za makampani akuluakulu ndi ntchito za boma. Mayiko ambiri ali ndi mayeso a luso amene munthu wophunzira kwa mmisiri angalembetse ngakhale sanapite kusukulu ya ntchito zamanja, pongoonetsa umboni wa zimene wakhala akuchita. Kabuku kanu kosainidwa, zithunzi ndi kalata ya mmisiri ndiwo umboniwo. Fufuzani za mayesowa mwezi woyamba, osati womaliza, kuti mudziwe zimene amayesa, nthawi yolembetsa ndi ndalama zofunika, muyambe kusunga pang'onopang'ono. Samalani ndi satifiketi imene sukulu kapena malo amangodzisindikizira okha. Itchuleni kwa kapitawo mmodzi kapena awiri, muone ngati akuidziwa.

Kuwotcherera kulinso ndi mayeso ena apadera amene mafakitale amafuna, monga a muyezo wa ISO 9606-1. Amenewa sanena kuti ndinu wowotcherera basi. Amanena kuti mwakhoza njira yakuti, pa chitsulo chochindikala mwakuti, chitaikidwa mwakuti. Mudzamva anthu akutchula 3G, umene ndi msoko woimirira pa zitsulo zafulati, kapena 6G, paipi yomangidwa mopendekeka madigiri 45 imene simuloledwa kuitembenuza. Chidutswa chanu chimadulidwa n'kupindidwa, kapena kuunikidwa m'kati, kuti aone ngati muli ming'alu. Pepala lake limafunanso kutsimikiziridwa miyezi 6 iliyonse kuti mukugwirabe ntchitoyo. Choncho musathamangire kulipira mayeso amenewa musanadziwe amene akuwafuna. Makampani ambiri amayesa okha munthu pomulemba.

Kuchoka pa kuphunzira kupita pa kulipidwa

Palibe belu limene limalira tsiku limene mwasiya kukhala wophunzira. Mwini malo amene wazolowera kukuonani ngati mwana sadzuka m'mawa wina n'kuyamba kukulipirani ngati mmisiri, makamaka ngati ntchito ikuyenda bwino momwemo. Nkhaniyi muyambitse ndinu, miyezi iwiri kapena itatu tsiku lothera lisanafike.

Musanapite kukalankhula, dziwani mtengo wanu kunja. Funsani owotcherera awiri kapena atatu a msinkhu wanu kuti amalandira bwanji, pa tsiku, pa mwezi kapena pa ntchito. Bwererani kwa kapitawo amene munamufunsa pachiyambi paja, mumupemphe akuyeseni. Ngakhale palibe malo, mudzadziwa pamene mwafika, ndipo iye adzakhala ataona dzanja lanu.

Kenako khalani pansi ndi mmisiri wanu nthawi yopanda makasitomala, kabuku kali m'manja. Mtsikana wathu anganene kuti: "Bambo, mwezi wa mawa ukatha nthawi imene tinagwirizana ikwana. Miyezi itatu yapitayi ndamaliza ndekha zitseko 9 ndi miyendo ya matanki 4, ndipo palibe chimene chinabwezedwa. Ndikufuna kumva maganizo anu, ngati pali malo oti ndipitirire ngati wantchito, kapena mundithandize ndi kalata." Mawu amenewa alibe chiopsezo, ndipo apereka njira ziwiri zimene zonse ndi zaulemu kwa mwini malo.

Akavomera kukusungani, gwirizanani kalipiridwe momveka. Kulipidwa pa ntchito iliyonse kumakoma nyengo ya maoda ambiri koma kumaluma ikadutsa, ndipo muyenera kudziwiratu ngati ntchito yobwezedwa mudzaikonza mwaulere. Malipiro a pamwezi amakhala otsikirapo koma mumadziwa chimene chikubwera. Akanena kuti dikirani pang'ono, funsani kuti mpaka liti, mulembe tsikulo. Likadutsa popanda kusintha, pitani kumene munayesedwa kuja.

Kalata imene mupemphe isangonena kuti ndinu wakhalidwe labwino. Itchule masiku amene munayamba ndi kumaliza, makina amene mumagwiritsa ntchito, mitundu ya misoko, kuchindikala kwa zitsulo, ndi ntchito ziwiri kapena zitatu zimene munamaliza nokha, pamodzi ndi nambala imene wolemba ntchito angaimbire. Amisiri ambiri sakonda kulemba, ndiye ilembeni nokha kuchokera m'kabuku, iwo awerenge, akonze pamene mwakokomeza, asaine.

Za kutsegula malo anuanu tsiku lotsatira, ine ndimati dekhani. Wongomaliza kumene amadziwa kuwotcherera koma sadziwa kuwerengera mtengo wa ntchito, ndipo oda yoyamba imene waiwala kuphatikizapo ndodo, magudumu odulira, penti, magetsi ndi ulendo imadya mpamba wonse. Chaka chimodzi cholipidwa pansi pa munthu wina, mukumvetsera mmene amatchulira mitengo ndi mmene amalembera miyeso kwa kasitomala, chimakupatsaninso nthawi yogula zida chimodzichimodzi: chigoba chanuchanu choyamba, kenako tepi yabwino, sikweya, nyundo yogogodera, chopalira, ndipo makina pamapeto.

Tsiku lokayesedwa, tengani chigoba chimene maso anu anachizolowera. Musanakhudze zidutswa zimene akupatsani, pemphani chitsulo chotayidwa muyesepo moto, chifukwa nambala yolembedwa pamakina achilendo siikhala yofanana ndi ya makina a kwanu. Palani dzimbiri m'mphepete ngakhale sanakuuzeni, gwirizirani zidutswazo kumapeto onse awiri, ndipo mukamaliza chotsani chikhungwa ndi kutsuka msoko ndi bulashi ya waya musanaitane kapitawo.